Kalata imene ndinasokera m'jekete la malemu bambo anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ntchito yanga ndi ya utelala. Ndakulemberani chifukwa Lamlungu likubwerali amayi anga akufuna ndikawawerengere kalata imene ndinalembera malemu bambo anga. Ndikaiwerenga mmene ndinailembera, ndikuopa kuti ndipha amayi anga ndi pakamwa pangapa.

Ndiyambe ndi abambowo. Anali telala wa masuti, wamanzere, ndipo anthu ankawatama kwabasi. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi: makina awiri osokera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi lula wathabwa wopachikidwa pa msomali. Lulayo ankayezera nsalu komanso ankamenyera ife. Ine ndine woyamba kubadwa. Ndili ndi zaka 14 anandisiyitsa sukulu kuti ndiziwathandiza kusoka mabatani ndi kupinda m'mphepete. Zonse zimene ndimadziwa pa makina anandiphunzitsa ndi iwo, izo sindikana. Koma pa zaka khumi ndi chimodzi zimene ndinakhala m'kachipinda kaja sanandiuzepo kuti "wasoka bwino." Akaona msoko wanga ankautengera pawindo, n'kuuyang'ana, n'kutenga lezala n'kuumasula wonse. Tsiku limene sanaumasule, ndiye kuti tsikulo ndayamikiridwa.

Amayi nawo sanapulumuke. Khutu lawo lakumanja silimva mpaka lero. Anthu timawauza kuti ndi ukalamba, koma ine ndinalipo tsiku limene linasiya kumva.

Abambo anamwalira zaka ziwiri zapitazo atagona m'chipatala masabata atatu. Pa maliro sindinagwetse msozi, anthu n'kumati ndine wolimba mtima. Patapita miyezi ndinayamba kudabwa. Ndikamva sizasi ikulira pa tebulo, ngakhale ndikudula ndine ndemwe, ndimacheuka ngati abambo ali kumbuyo kwanga. Ndinayamba kumasula misoko yanga yabwinobwino, diresi limodzi kulisoka katatu. Tsiku lina ndinakalipira mwana wanga wamkazi chifukwa cha batani lopendekeka, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga anali a bambo anga enieni. Mwanayo anandiyang'ana mmene ine ndinkawayang'anira iwo.

Nditapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, namwino wina amene amachitanso za uphungu anandifunsa mafunso mpaka ndinamuuza zina. Iye anati: "Alembereni kalata bambo anuwo. Si yotumiza, palibe amene adzaiwerenge. Muzilemba mphindi makumi awiri patsiku kwa masiku anayi, ngati ali kutsogolo kwanu. Musafufute, musakonze, musawaikire kumbuyo. Mukatha mudzabwere nayo, tidzaone chochita nayo." Ndinaseka, ndinati munthu wakufa amawerenga kuti? Iye anati kalatayo ndi yothandiza wamoyo.

Ndinkalemba masana m'shopu mwanga, nditatseka chitseko, pa mapepala akhaki odulira mapatani. Tsiku loyamba ndinangolemba "Okondedwa bambo, ndikhulupirira mukuusa mumtendere," n'kukhala mphindi khumi ndikuyang'ana khoma. Ndinkachita manyazi ngati abambowo alowa n'kundipeza. Kenako ndinalemba kuti, "Bambo, munandithyolera lula pamsana kasitomala akuona, chifukwa cha mkono wa jekete umene unafupika ndi chala chimodzi." Nditangolemba zimenezo dzanja silinaimenso. Tsiku lachiwiri ndinalemba za sukulu, ndi za yunifolomu yanga imene anaidula n'kuisandutsa matumba a mathalauza a anthu. Ndinasanza nditamaliza. Tsiku lachitatu ndinalemba za khutu la amayi, ndipo mkwiyo unatembenuka, unapita kumene sindinkayembekeza. Ndinalemba kuti: "Akazi anu ankaima pakhomo ndi simbi m'manja n'kumandiuza kuti ndipepese. Sanandilanditsepo ngakhale kamodzi. Masiku ena ndimadana nawo kuposa inu."

Aphungu, mawu amenewo ali m'kalatamo, ndi dzanja langa.

Tsiku lachinayi sindinalembe. Ndinkadziwa chimene chinatsala. Abambo ali m'chipatala anatuma mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, kuti andiuze ndibwere, akufuna kundiuza mawu. Ndinapita ndi fulasiki ya tiyi mpaka pakhomo la wodi. Ndinawaona ali chogona, owonda, akukalipira namwino ndi mawu omwe aja. Sindinalowe. Ndinabwerera, tiyi ndinakathira m'ngalande ya pageti. Mawa lake anamwalira. Aliyense kwathu amadziwa kuti ndinachedwa ndi kasitomala wa ukwati. Inu ndinu woyamba kumva zoona zake.

M'malo molemba zimenezo, ndinapinda mapepala asanu ndi awiri aja. Kwa namwino sindinabwerere. Kuwotcha ndinalephera, zinkakhala ngati ndikufufuta umboni. Kusunga kunyumba ndinaopa ana. Ndiye ndinaganiza nzeru ya utelala. Kwa amayi kuli jekete lakuda la abambo, limene anadzisokera okha, limakhala m'kabati pa hang'ala. Amayi atapita kukatenga mankhwala a maso ndinamasula nsalu ya m'kati mwa jeketelo cha m'munsi, ndinalowetsa kalata, n'kusokanso ndi dzanja, ulusi wofanana ndendende. Ndinati basi, ndawapatsa eni ake. Kwa masabata awiri ndinapepukidwa pang'ono.

Ndinaiwala zinthu ziwiri. Sindinkadziwa kuti amayi amalitulutsa jeketelo mwezi uliwonse n'kulisita. Ndipo ndinaiwala kuti mkazi amene wakhala ndi telala zaka 43 amaona ndi zala, ngakhale maso ake ali ndi ng'ala. Lachiwiri lapitali nditapita kukawaona anandikhazika pabedi n'kundiuza kuti: "Msoko wa m'munsi mu jekete muja si wa bambo ako. Iwo ankasoka chopendekera uku, anali amanzere. Uja ndi wako." Anatulutsa mapepala anga m'kachikwama kawo. Anati anamva kukhwekhwereza pansi pa simbi. Zilembo zing'onozing'ono saona, koma pamwamba ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti KWA BAMBO, ndipo zimenezo anaziwerenga.

Ndinatambasula dzanja kuti ndilande, iwo anabweza m'kachikwama. Anati: "Mlongo wako amafuna andiwerengere, ndamukaniza. Wolemba yemweyo ndiye awerenge. Ubwere Lamlungu, tidzakhale awiriwiri. Ine ndinakhala nawo zaka zonse zija, koma sindinawalembereko ngakhale mzere umodzi."

Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikulowa. Amayi ali ndi zaka 68, ali ndi vuto la mtima. Amasita jekete la munthu amene anawagonthetsa khutu, ndiye ndikuganiza kuti akuyembekeza mawu okoma a mwana wosowa bambo wake. Maganizo amene ndili nawo ndi awa: ndilembe kalata ina yofatsa, ndiiloweze pamtima, Lamlungu ndikagwire mapepala enieniwo m'manja koma ndizikanena zinazo. Saona, sadzadziwa. Ndikatero nditenge mapepala anga ndikawotche, nkhani ithe.

Kodi ndikulakwa? Ndipo kodi kalata imeneyi yandithandiza chiyani, poti yangonditsegulira bala n'kundisiya pamavuto oposa kale?

E. K. M., kuno kutauni

Mayi E. K. M.,

Pepani ndi zimene munakula nazo. Zinali nkhanza, ndipo mwachita bwino kuzitchula. Tsopano tiyeni tifulumire, masiku akuchepa.

Kalata yabodza ija musailembe. Mayi amene wazindikira msoko wanu ndi nsonga za zala sangalephere kuzindikira mawu a mwana wake akunama. Mudzakhala mukutembenuza mapepala asanu ndi awiri koma mawu atha m'mphindi zitatu, ndipo adzadziwa. Akadzakayika adzaitana mlongo wanu kuti awawerengere, ngati mapepalawo akadali m'manja mwawo. Mawu aja adzawamva kuchokera pakamwa pa munthu wina, inu kulibe, bodza lanu litawonjezekera pamwamba. Komanso kwanuko mabodza okwirira nkhanza alipo kale okwanira. Khutu lija mumati ndi ukalamba, kuchipatala kuja mumati munachedwa ndi kasitomala. Mabodza amenewa ndi amene akukusowetsani mtendere.

Koma yeniyeniyonso musawawerengere. Si yawo. Kalata yotereyi imagwira ntchito chifukwa chakuti ilibe woiwerenga. N'chifukwa chake dzanja lanu linamasuka pamene pakamwa panakanika kwa zaka zoposa makumi awiri. Munthu akamailemba sayeza mawu, salabadira mbali ya mnzake, amatulutsa chimene chili pamtima mphindi imeneyo. Mzere uja wonena kuti mumadana ndi amayi anu unali woona masana a tsiku lachitatu. Si chigamulo cha moyo wanu wonse, apo ayi simukanasiya kudya chifukwa choopa kuwapweteka. Mwana wazaka 14 anali ndi chifukwa chokwiyira mayi amene sanamulanditse. Nkhani imeneyo mwina mudzaikamba nawo tsiku lina, ndi mawu osankha bwino, munthu wina wothandiza ali pafupi. Isawagwere kuchokera pa pepala la khaki ngati mwala.

Musadikire Lamlungu. Pitani mawa lomwe, nthawi imene mukudziwa kuti ali okha, chifukwa tsiku lililonse limene mapepalawo akugona m'kachikwama muja munthu wina akhoza kuwatsegula. Khalani mbali ya khutu limene limamva. Auzeni zoona zimene angathe kunyamula, monga izi: "Amayi, kalata ija anandiuza kuti ndilembe ndi achipatala chifukwa mtima wanga sunali bwino. Si kalata yokoma. Muli mkwiyo wanga pa abambo, ndipo inalembedwa kuti asaiwerenge munthu, ngakhale inu. Sindinaimalize. Ndibwezereni." Akafunsa ngati muli za iwo, musakane. Nenani kuti zilimo, kuti munalemba mutakwiya, ndipo kuti mukufuna mudzakambe nawo zimenezo ndi pakamwa mtima ukakhala pansi. Akhoza kulira, akhoza kukwiya. Mankhwala awo a mtima akhale pafupi, ndipo musachoke msanga. Akakana kubweza, musalimbane nawo. Apempheni kuti alonjeze kusapatsa munthu wina, ndipo mupite nawo limodzi kwa namwino uja, akawafotokozere yekha kuti kalata yotereyi ndi yotani.

Mwafunsa kuti kalatayi yakuthandizani chiyani. Ndikuuzani mosabisa: simunaimalize, ndiye musaiimbe mlandu. Kusanza kuja ndi kumva kuwawa kuposa kale kwa maola angapo, zimachitikira anthu ambiri akamalemba zotere, ndipo nthawi zambiri zimazilala. N'chifukwa chake namwino anati mubwerenso. Inu munalemba masiku atatu a zimene abambo anakuchitani, tsiku lachinayi linali la chimene mumadziimba nacho mlandu inu, ndipo pamenepo munathawira ku singano. Zili ngati munabwereranso pakhomo la wodi kachiwiri.

Mukalandira mapepala anu, bwererani kwa namwino, mumuuze zonse kuphatikizapo za fulasiki. Kenako lembani tsiku lachinayi lija. Sankhani nthawi imene simukuyembekeza kasitomala, isakhale pamene mukukagona. Tchererani wotchi pa foni mphindi makumi awiri, ikalira siyani ngakhale muli pakati pa chiganizo, mudzapitiriza mawa. Pepala likakuyang'anani osalankhula, yambani ndi mawu awa: "Bambo, chimene sindinauzepo munthu ndi chakuti…" Tsiku lina yambani ndi, "Ndinkafuna mukanandiuza kuti…" Lembaninso zimene mukusunga kuchokera kwa iwo, chifukwa luso lili m'manja mwanulo ndi lawo ndithu, ndi zimene mukuwabwezera kuti zisafike kwa mwana wanu. Zonse ziwiri zikhoza kukhala pa pepala limodzi, sizitsutsana. Mtima ukayamba kugunda kwambiri kapena mukaona ngati mwabwereradi m'kachipinda kaja, ikani cholembera pansi, sambani kumaso, tulukani panja muyendeko. Mukamaliza tsiku lililonse, kawonaneni ndi munthu wamoyo, ngakhale kungomwa naye madzi.

Musadzikakamize kumaliza ndi mawu akuti "ndakukhululukirani." Anthu ambiri amaika mawu amenewo pansi pa kalata ngati siginecha, mtima usanavomere, kenako amadabwa kuti palibe chasintha. Akabwera okha alembeni. Akapanda kubwera, kalata yathabe bwino.

Za chimene abambo anu ankafuna kukuuzani, pamenepo ndilibe chokutonthozani nacho. Simudzadziwa. Mwina ankafuna kupepesa, mwina ankafuna kukuuzani amene atenge makina. Kalata siyankha funso limenelo, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti akudziwa akukunamizani. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene anaima pakhomo la wodi paja anali mwana amene anamva mawu a munthu womumenya, thupi lake n'kukana kulowa. Bambo amene amafuna kuti mwana wake adzamve mawu ake omaliza anali ndi zaka 39 zoti alankhule. Lembani zimenezonso.

Ikatha, iwerengeni mokweza kamodzi, kwa namwino kapena kwa mpando wopanda munthu m'shopu mwanu. Mawu akatuluka pakamwa amamveka mosiyana ndi a pa pepala. Ndiyeno sankhani: ing'ambeni, iwotcheni, kapena isungeni m'bokosi lokhoma limene kiyi wake ali ndi inu nokha. Kuwotcha si kufufuta umboni, zimene zinachitika mukuzidziwa. Koma musaiikenso m'katundu wa malemu, chifukwa katundu wa malemu amakhala ndi amoyo omugwira. Ndipo kapepeseni kwa mwana wanu za batani lija. Zimenezo sizifuna kalata, ali moyo.

Chenjezo langa ndi ili. Kalata ndi chida chimodzi chabe. Papita zaka ziwiri ndipo ntchito ikukuvutani, chakudya sichikulowa, ndiye mukufunika kuonana ndi mlangizi kangapo, osati kamodzi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi musasiye. Mukayamba kuganiza zoti kuli bwino mutafa, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala, musalembe kalata ina n'kukhala chete.

Chotsiriza. Mukuganiza kuti amayi anu akudikira mawu okoma chifukwa amasita jekete. Mwina. Koma m'nyumba muja analimo, khutu lija ndi lawo, ndipo akudziwa kuti mwana sabisa mawu okoma m'kati mwa nsalu. Anamukaniza mlongo wanu, anati mudzakhale awiriwiri, ndipo anakuuzani kuti iwo sanalembepo ngakhale mzere umodzi. Mawu amenewo munawalemba m'kalata yanu kwa ine koma sindikuona ngati munawamva. Choncho Lamlungu pitanibe. Tengani cholembera ndi mapepala oyera, muwafunse kuti: "Amayi, inu muli ndi zoti muwauze abambo? Maso anu saona, dzanja langa ndi ili. Ngati simukufuna kuti ndimve ine, namwino uja akhoza kukulemberani." Akakana, zisiyeni pomwepo, musawakakamize. Akavomera, konzekani, chifukwa mudzamva zinthu zimene simunaone muli ndi zaka 14, ndipo zina zidzakuwawani kuposa lula. Mukalephera kupirira, auzeni kuti mupitiriza tsiku lina. Koma pamene akulankhula musawadule mawu, musawafewetsere, musawakonzere chiganizo. Mayi ameneyu wakhala akukonzedwa zaka 43. Lembani mmene akunenera.

Aphungu